Mtima wa mwana ukatsika pa CTG, muthamange liti?

*Zikomo akatswiri. Ndine namwino komanso mzamba, ndangoyamba kumene ntchito ku leba wodi ya chipatala chachikulu komwe kuli makina a CTG, olemba pa pepala kugunda kwa mtima wa mwana ndi kukunga kwa chiberekero. Kusukulu tinangowaona patali. Pepala likamatuluka ndimangoona mizere yokwera ndi yotsika, ndipo mtima wa mwana ukangotsika, wanganso umadumpha. Ndiyambire pati powerenga, nanga ndi mzere uti woyenera kundithamangitsa kukaitana adokotala?*

Mzamba, muyambire pa mayi amene wagona pabedipo, pepala libwere pambuyo. Mimba ili ndi masabata angati? Ndi yachingati? Pali chipsera cha opareshoni? Ali pa dilipi ya okisitosini, kapena wamwa misopurositolo? Thupi latentha? Nsupa yasweka liti, ndipo madzi ake ndi oyera kapena muli chimbudzi cha mwana? Nanga mwanayo, mukapapasa, ndi wofanana ndi masabata ake kapena ndi wonyentchera? Mzere womwewo umene sungakudetseni nkhawa pa mwana wonenepa wa mayi wathanzi, pa mwana wonyentchera wa mayi wothamanga magazi ungakhale chenjezo lomaliza, chifukwa wachiwiriyu alibe chosunga.

Kenako tsimikizani kuti pepalalo likunena zoona. Makinawa ali ndi malamba awiri. Lina limagwira kachipangizo komvera mtima, kamene mumakapaka jelo n'kukaika pamene pali msana wa mwana chakumapewa. Lina limagwira kachipangizo kolembedwa TOCO, kamene kamakhala pamwamba pa chiberekero, kopanda jelo. Mzere wapamwamba pa pepala ndi mtima, wapansi ndi kukunga kwa chiberekero. Onani liwiro limene pepala likuyendera. M'maiko ambiri ndi sentimita imodzi pa mphindi, koma ku North America amagwiritsa ntchito masentimita atatu, ndipo makina opatsidwa ngati mphatso nthawi zina amafika ali otcheredwa choncho. Pa masentimita atatu mzere umaoneka wotambasuka ndi wosalala, mpaka mwana wabwinobwino mungamuyese wodwala. Onaninso ngati wotchi ya makina ikugwirizana ndi ya pakhoma.

Cholakwika choopsa kwambiri pano ndicho kulemba mtima wa mayi n'kumauyesa wa mwana. Poyamba penipeni mverani mwana ndi fitosikopu, gwirani mtsempha wa pamkono wa mayi, muwerenge, mulembe nambala yake pa pepala la CTG lomwelo. Mayi wa malungo kapena wotaya magazi mtima wake ukhoza kugunda 130 pa mphindi, ndipo makina akhoza kukujambulirani mzere wokongola mwana atamwalira kale. Chizindikiro chake chimaoneka bwino mayi akamakankha: mukaona mzere ukukwera nthawi iliyonse chiberekero chikakunga, kukwera kwake kotalika ngati kukungako, kaikirani. Mtima wa mwana pa nthawi imeneyo umakonda kutsika, wa mayi ndiwo umakwera. Makina amathanso kuwerenga kawiri mtima wogunda pang'onopang'ono, 70 n'kuulemba 140, kapena kudula pakati wothamanga kwambiri. Khutu lanu likasemphana ndi pepala, khulupirirani khutu kaye ndipo itanani wina abwere ndi sikani.

Tsopano mzere wapansi, umene ambiri amaudumpha. Werengani kuti chiberekero chakunga kangati pa mphindi 10. Katatu kapena kanayi ndi bwino. Malangizo a 2015 a FIGO, bungwe la padziko lonse la madokotala a amayi ndi uchembere, amati kupitirira kasanu ndiye kwachuluka, pamene a 2022 a NICE, bungwe lolemba malangizo a zaumoyo ku Britain, amayamba kudandaula pa kasanu pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti chiberekero chikakunga mwamphamvu, magazi a mayi amaleka kulowa mu nsengwa. Mwana amakhala ngati munthu womira pamadzi atagwira mpweya, ndipo amapuma pokhapokha chiberekero chikamasuka. Kuti okosijeni abwerere mwakale pangafunike mpaka masekondi 90, ndipo pa okisitosini kuposerapo. Mipata ikafupika, ngongole imawunjikana. Dziwaninso kuti kutalika kwa mapiri a mzere wapansiwu sikukuuzani mphamvu ya kukungako. Kumadalira mmene lamba wamangidwira ndi kunenepa kwa mayi. Mphamvu yake imamveka ndi dzanja lanu pamimba. Ndipo mukapeza chiberekero chikukunga motsatizana pa mayi amene simunamupatse kanthu, mufunseni modekha, mosamukalipira, ngati wamwa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo, kwinaku mukuganizanso za nsengwa yomatuka.

Pa mzere wapamwamba, choyamba ndi chimene m'wodi amati besilayini, kutanthauza pamene mtima umakhazikika mukachotsa zokwera ndi zotsika zonse. Tengani mphindi 10, ikani rula kapena m'mphepete mwa pepala lina mopingasa pakati pa mzerewo, muwerenge nambala yoyandikira, monga 135 kapena 140. Mwana wokwana masiku amakhala pakati pa 110 ndi 160. Koma malire awiriwa asakugonetseni tulo. Mwana wosakwana masiku amakhala chakumtunda, ndipo masabata akamawonjezeka besilayini imatsika pang'onopang'ono pamene mtsempha wa vegasi, umene umagwira mtima ngati buleki, ukukhwima. Choncho 155 pa masabata 30 si nkhani, koma 155 pa masabata 41 ikufuna kufunsidwa. Chofunika kuposa nambala ya panopa ndi kumene nambalayo yachokera. Mwana amene m'mawa anali pa 125 ndipo masana ali pa 150 sanatuluke m'malire, komabe wakwera ndi 25, ndipo china chake chamukweza. NICE imawerengera kukwera kwa 20 kapena kuposa ngati chenjezo.

Besilayini ikapitirira 160 kwa mphindi zoposa 10, tengani chopimira kutentha musanachite china. Chifukwa chofala kwambiri ndi kutentha thupi kwa mayi: malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kapena tizilombo tolowa m'chiberekero nsupa itasweka kalekale. Kuchepa kwa madzi m'thupi ndi mankhwala monga salubutamolo zimathamangitsanso mtima. Koma umathamanganso mwana akamavutika ndi kuchepa kwa okosijeni, thupi lake likatulutsa adirenalini kuti magazi azungulire msanga. Panado akhoza kutsitsa kutentha kwa mayi, koma ngati gwero ndi tizilombo ta m'chiberekero, mwanayo adakali m'madzi omwewo. Pamafunika maantibayotiki ndi kuganiza za nthawi yobereketsa. Kumunsi, besilayini ya pakati pa 100 ndi 110 yokhazikika, mzere uli wamoyo bwinobwino, imapezeka mwa ana ena opitirira masiku popanda vuto. Pansi pa 100 musazengereze.

Tifike pa chimene ndikufuna muchigwiritsitse kuposa zonse, chimene amati variyabilite. Mzere wa mwana wathanzi suwongoka ngati wolembedwa ndi rula. Umanjenjemera, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, mosalongosoka, ngati mano a sowo yakale. Kunjenjemera kumeneku kumabwera chifukwa mitsempha iwiri ikukokana pa mtima mphindi iliyonse, wina wothamangitsa, wina wobweza, ndipo amene akuyendetsa kukokanako ndi ubongo. Ndiye mukaona mzere wonjenjemera bwino, mukuona ubongo umene ukulandira okosijeni wokwanira pa nthawi imeneyo. Palibe chinthu china pa pepala lonse chimene chimakuuzani zambiri chotere.

Poyeza, sankhani mphindi imodzi yopanda kukwera kapena kutsika kwakukulu, muone nsonga yapamwamba ndi yapansi, muchotsere. Pamwamba 146, pansi 134, ndiye 12. Pakati pa 5 ndi 25 ndi bwino. Pa mapepala ambiri oyenda sentimita imodzi pa mphindi, sentimita imodzi choimirira ndi kugunda 20, choncho 5 ndi kotala la sentimita basi. Yandikirani pepala, musayeze muli pakhomo.

Mzere ukasalala kufika pansi pa 5, musathamangire kunena kuti mwana ali pa ngozi, chifukwa ana amagona. Tulo tatikulu ta mwana m'mimba timatenga mphindi 20 mpaka 40, kawirikawiri sitipitirira 50, ndipo nthawi imeneyo mzere umasalala, kenako n'kudzukanso. Kusinthana kumeneku, kugona ndi kudzuka, nakonso ndi umboni wa ubongo wabwino. Petidini amasalalitsa mzere, magineziyamu salufeti chimodzimodzi, ndipo jekeseni zokhwimitsa mapapo a mwana zimatha kutero kwa masiku angapo. Mungasiyanitse bwanji tulo ndi vuto? Bwererani m'mbuyo pa pepala. Mwana wogona besilayini yake ili pomwe inali, ndipo kusalalako sikunatsogoleredwe ndi kutsika kobwerezabwereza. Mwana wotopa amakhala atadutsa kaye m'zotsika zambiri, besilayini itakwera, kenako ndiye mzere n'kusalala. Mukamapima njira, mukhoza kusisita mutu wake ndi chala mofatsa. Mtima ukakwera, mwayi woti magazi ake adzaza asidi ndi wochepa kwambiri. Ukapanda kukwera sizikutsimikizira kuti zinthu zaipa, koma nkhawa yanu ikhalepobe. Kusalala kopitirira mphindi 50 onse a FIGO ndi NICE amakuika m'gulu loopsa, ndipo NICE imafuna muyambe kuchitapo kanthu pa mphindi 30.

Pali mwana wina amene amapusitsa anthu chifukwa pepala lake ndi lachete. Mayi wabwera akuti mwana sakusewera kuyambira dzulo. Mzere uli pa 155 kapena 160, wosalala, wosakwera, ndipo chiberekero chikakunga umangotsika pang'ono, mwina ndi 10 yokha, mochedwa. Palibe dzenje lalikulu lochititsa mantha, ndiye wina amalemba kuti zonse zili bwino. Ameneyu ndi mwana amene wakhala akusowa okosijeni kwa masiku, nsengwa yake yatopa, ndipo alibe mphamvu ngakhale yotsitsira mtima mozama. Kumuika pa okisitosini ndi kumumaliza. Amafunika adokotala aakulu amuone nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri njira yake ndi opareshoni.

Kunjenjemera kungachulukenso, kupitirira 25, mzere n'kumadumphadumpha ngati wopenga. Izi zimakonda kuoneka mayi akamakankha kapena okisitosini akachuluka, okosijeni akamatsika mofulumira. NICE imakuika m'gulu loopsa kukapitirira mphindi 10, FIGO imadikira 30. Ine ndingakuuzeni kuti musadikire, tsekani dilipi ndipo mayi apume kukankha. Kwina kuli mzere wa sayinusoyidi, wosalala ngati mafunde a panyanja tsiku lopanda mphepo, wokwera ndi kutsika mofanana katatu mpaka kasanu pa mphindi, ndi 5 mpaka 15, wopanda mano a sowo aja, wopitirira mphindi 30. Umaloza mwana wochepa magazi kwambiri: magazi ake atayikira mwa mayi, kapena akuphwanyidwa chifukwa chosagwirizana ndi a mayi, kapena mtsempha wake wang'ambika pamene nsupa imasweka. Mwana woyamwa chala amajambula chofananako, koma chosongoka, chosakhalitsa, ndipo mzere wabwino umakhala kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Za kukwera, zimene amati akiselereshoni, ndinena mwachidule. Mtima ukakwera ndi 15 kapena kuposa kwa masekondi osachepera 15, ndiye kuti mwana wasuntha ndipo ubongo wake wayankha. Pansi pa masabata 32, kukwera kwa 10 kwa masekondi 10 kumakwanira. Kukakhalapo, ndi nkhani yabwino. Matenda akafika pakati kukhoza kusowa popanda vuto, bola zina zonse zili m'malo. Koma pa mayi amene matenda sanayambe, mzere wopanda kukwera kulikonse kwa nthawi yaitali sumasiyidwa osaufufuza.

Tsopano zotsika zija zimene zimakudumphitsani mtima, madiselereshoni. Kutsika kumawerengedwa kukaposa 15 kwa masekondi oposa 15. Ana ambiri amatsitsa mtima pobadwa, ndipo nthawi zambiri kutsikako ndi kudziteteza: mtima ukagunda pang'onopang'ono umadya okosijeni wochepa. Choncho funso si lakuti dzenje ndi lakuya bwanji. Funsani kuti lapangika motani, lagwa nthawi yanji poyerekeza ndi kukunga, nanga mwana akatulukamo akubwerera ali bwanji.

Kutsika koyambirira kumayenda limodzi ndi kukunga ngati munthu ndi chithunzithunzi chake: kuyamba pamodzi, pansi pake kulunjika nsonga ya kukunga, kutha pamodzi. Ndi kosaya, kotsetsereka, kofanana nthawi zonse. Kumabwera mutu ukapanikizika m'chiuno, choncho kumaoneka matenda atapita patali. Sikutanthauza kusowa okosijeni. Koma kwenikweni n'kosowa, ndipo zambiri zimene anthu amazitcha dzinali ndi za mtundu wotsatirawu. Mukakuona khomo lili pa masentimita atatu, mutu uli pamwamba, yang'ananinso.

Kutsika kosinthasintha ndiko kofala kwambiri. Mzere umagwa mwadzidzidzi ngati phompho, kufika pansi masekondi 30 asanakwane, n'kukweranso mwadzidzidzi, ngati chilembo cha V. Maenjewo safanana kukula, maonekedwe, ngakhale nthawi yogwera. Gwero lake ndi chingwe cha mchombo chopanikizika. Mtsempha wofewa wobweretsa magazi kwa mwana ndiwo umayamba kutsekeka, magazi obwera amachepa, mtima umakwera pang'ono. Kenako mitsempha iwiri yolimba ya m'chingwemo, yobwezera magazi ku nsengwa, imatsekeka, magazi amapanikizana m'thupi la mwana, vegasi n'kuponda buleki, mzere n'kugwa. Chiberekero chikamasuka zimabwerera chobwerera. N'chifukwa chake mumaona timapewa tiwiri, kena dzenje lisanayambe, kena litatha. Dzenje losapitirira masekondi 60, lokhala ndi timapewa take, mzere wonjenjemera mkati mwake ndi pakati pa maenje, besilayini yosasuntha, limeneli ndi la mwana amene akupirira. Mutembenuzeni mayi, muziyang'anira. Nkhawa imayamba maenje akamapitirira masekondi 60, timapewa timene tinalipo tikasowa, mkati mwa dzenje mukasalala, kapena mzere ukamakwawa pobwerera m'malo molumpha.

Kutsika kochedwa ndi kwina. Kumayamba chiberekero chitakunga kale kwa masekondi oposa 20, kumatsetsereka pang'onopang'ono ngati chilembo cha U chotambasuka, pansi pake pamabwera nsonga ya kukunga itadutsa, ndipo mtima umabwerera chiberekero chitamasuka kale. Kuchedwako kuli ndi chifukwa: magazi osowa okosijeni ayenera kuyenda kaye kuchoka ku nsengwa kukafika pa timitsempha tolawa magazi pakhosi ndi pachifuwa cha mwana, ndipo mtima subwerera mpaka magazi abwino atafika. Apa vuto lili pa nsengwa kapena pa magazi a mayi ofikako: kuthamanga kwa magazi, nsengwa yokalamba kapena yomatuka, magazi otsika chifukwa mayi wagona chagada kapena wabayidwa jekeseni wa pamsana, chiberekero chokunga mopitirira. Kuti mukuone, ikani rula choimirira pa nsonga ya kukunga, muone ngati pansi pa dzenje pali kumanja kwake. Lamba wa TOCO akapanda kulemba bwino simungasiyanitse koyambirira ndi kochedwa, ndiye mukonzeni, kapena gwirani mimba ndi dzanja muzilemba kachizindikiro pa pepala. Kutsika kochedwa kukamabwera pa zoposa theka la nthawi zimene chiberekero chakunga, n'kupitirira kwa mphindi 30, kapena 20 zokha mzere uli wosalala, FIGO imati pepalalo ndi loopsa.

Chokuthamangitsani chenicheni ndi ichi: mtima wagwa ndipo sukubwerera. Kukapitirira mphindi zitatu, makamaka pansi pa 80, itanani thandizo mokweza, musachoke pabedi. Okosijeni akadulidwa kotheratu, nambala ya pH, yoyeza asidi m'magazi a mwana, imatsika ndi pafupifupi 0.01 mphindi iliyonse. M'mawodi ambiri amaphunzitsa kuwerenga 3, 6, 9, 12, 15: pa mphindi zitatu itanani, pofika 6 mukhale mutachita zonse za pabedi, pa 9 mayi akhale akupita ku fiyeta, pa 12 mukhale mwakonzeka, pa 15 mwana akhale atabadwa. Za pabedizo ndi izi. Tsimikizani kuti si mtima wa mayi, mugonekeni chakumanzere, tsekani okisitosini, yezani kuthamanga kwa magazi ndipo ngati kwatsika tsegulani dilipi ya madzi. Pimani njira ndi mimba kufuna zinthu zitatu zosadikira: chingwe chotsogola, nsengwa yomatuka, chiberekero chong'ambika. Chingwe mudzachigwira ndi chala. Kankhirani mutu m'mwamba, dzanja lisachoke mpaka ku fiyeta. Nsengwa yomatuka imalimbitsa mimba ngati thabwa, magazi aoneke kapena asaoneke. Chiberekero chong'ambika, makamaka pa mayi wa chipsera, nthawi zambiri chimayamba kudziwika ndi mzere wa mtima womwewu, kenako ululu wosalekeza, kukunga kusiya, mutu kubwerera m'mwamba. Chimodzi mwa zitatuzi chikapezeka, za kuwerenga mphindi zija zatha, ndi kubereketsa basi. Zikapanda kupezeka, ndipo mzere unali wonjenjemera bwino kugwako kusanachitike, ana ambiri amabwerera mphindi 9 zisanakwane chifukwa chake chikachotsedwa. Ngati chiberekero sichikumasuka, tebutalini wa mamaikirogalamu 250 pansi pa khungu amachimasula. Kumene kulibe, tsatani ndondomeko ya chipatala chanu pa salubutamolo. Musapereke mankhwalawa pa mayi wotaya magazi. Okosijeni wa pamphuno ndi wa mayi amene iye mwini akubanika. Sanaonetse phindu pa mwana ngati mayi akupuma bwino.

Koma ngozi zambiri za m'leba wodi sizigwa ngati mphezi chotere. Zimakwawa kwa maola, ndipo zimatsata ndondomeko yodziwika. Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wa mimba yoyamba, masabata 40, khomo laima pa masentimita asanu, ndipo 10 koloko m'mawa wayambitsidwa okisitosini. Pepala la nthawi imeneyo: besilayini 135, kunjenjemera 10 mpaka 15, kukwera kulipo, kukunga katatu pa mphindi 10, madzi oyera. Palibe chodandaulitsa.

Pofika 12 koloko chiberekero chikukunga kanayi. Paoneka maenje a V otsika kufika 100, otenga masekondi 40, timapewa tili pomwepo. Pakati pawo mzere uli pa 135, ukunjenjemera ndi 10. Maenjewa ndi amene angakuopseni, koma werengani pakati pawo: mwana akutuluka m'dzenje lililonse ali yemweyo. Mumutembenuze mayi, musakweze dilipi mwachizolowezi, mulembe zimene mwaona.

Hafu pasiti wani, dilipi inakwezedwabe. Kukunga kuli kasanu ndi kamodzi pa mphindi 10. Maenje akufika 80, akutenga masekondi 70 kapena 80, timapewa tasowa, kukwera kunatha kalekale. Besilayini ili pa 155, kunjenjemera 6 kapena 7, kutentha kwa mayi 36.9. Munthu wongoyang'ana mphindi 10 zomalizazo adzati 155 ndi yabwino, 6 ndi yabwino. Tambasulani pepala lonse pabedi, muyerekeze ndi la 10 koloko. Besilayini yakwera ndi 20 popanda kutentha thupi, ndiye kuti ndi adirenalini: mwana wayamba kuchotsa magazi ku khungu, matumbo ndi impso kuti ateteze ubongo ndi mtima. Akupirirabe, koma ndi ndalama zomaliza. Komanso werengani nthawi: kukunga kasanu ndi kamodzi kumabwera masekondi 100 aliwonse, ndipo 75 mwa amenewo mwana ali m'dzenje. Akukhala pansi nthawi yaitali kuposa pamwamba, ndipo zikatero asidi amachuluka msanga, osati m'maola koma m'mphindi makumi ochepa. Apa ndiye pothamangira, ngakhale besilayini ndi kunjenjemera sizinadutse malire. Tsekani okisitosini, osati kungochepetsa. Amachoka m'magazi msanga, ndipo m'mphindi 10 mpaka 15 muyenera kuona kusintha. Mugonekeni chakumanzere, pimani njira, onani mtundu wa madzi, itanani adokotala, ndipo chiberekero chikapanda kumasuka perekani tebutalini. Akanakhala mayi womwa misopurositolo, palibe chotseka, ndiye mankhwala omasula chiberekero amafunika msanga koposa.

Pofika 2 koloko pali njira ziwiri. Ngati kukunga kwabwerera pa katatu kapena kanayi, maenje afupika, besilayini ikutsikira ku 145, kunjenjemera kwafika 10, mwana wapezanso mpweya ndipo matenda angapitirire, okisitosini n'kudzabwezedwa pa mlingo wochepa adokotala akavomereza. Ngati besilayini yafika 165, mzere wasalala pansi pa 5, maenje akubwerabe, ndiye kuti ubongo umene unkatetezedwa uja wayamba kusowa nawo. Khomo likadali pa masentimita 7, ndi opareshoni tsopano lino; likanakhala lotseguka lonse, mutu uli pansi, vakyumu ikanafulumira. Chotsatira pa mwana wosiyidwa pamenepa ndi besilayini yosakhazikika, yotsika ngati masitepe, mpaka mtima kugwa osabwereranso.

Magulu atatu amene mudzawaona pa zomata za m'fayilo, labwino, lokaikitsa ndi loopsa, ndi njira yolankhulirana mwachangu. Labwino: besilayini 110 mpaka 160, kunjenjemera 5 mpaka 25, popanda kutsika kobwerezabwereza. Loopsa ndi lokhala ndi chimodzi mwa zoopsa tazitchula zija. Zotsala zonse ndi zokaikitsa, ndipo gulu limeneli ndi lalikulu moti liwulo palokha silimuuza dokotala kanthu. Poimba foni nenani zinthu zenizeni: masabata, okisitosini, kukunga kangati, besilayini inali pati ndipo ili pati, kunjenjemera, mtundu wa maenje ndi nthawi imene akhalapo, zimene mwachita kale. Funsani kuti chipatala chanu chimatsata malangizo ati, kuti nonse muziyeza ndi muyeso umodzi, ndipo ola lililonse mnzanu wina aziona pepala lanu ndi maso atsopano.

Makinawa ali ndi malire ake. Pepala labwino limatsimikizira kwambiri kuti mwana ali bwino panopa, koma mapepala ambiri oipa amatha ndi mwana wolira bwinobwino. Kafukufuku woyerekeza CTG yosalekeza ndi kumvetsera mwa apo ndi apo anapeza kuti imachepetsa kukomoka kwa makanda, koma sanaonetse kuti imachepetsa imfa kapena kulumala kwa ubongo, pamene maopareshoni amachuluka. N'chifukwa chake WHO mu 2018 sinalimbikitse CTG yosalekeza kwa mayi wathanzi amene matenda ayamba okha. Kwa iyeyo fitosikopu kapena kadopula ka m'manja n'kokwanira: kumvera mphindi yathunthu, kuyambira chiberekero chili chokunga mpaka chitamasuka, mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, ndipo akamakankha mphindi zisanu zilizonse, zonse n'kulemba pa patogirafu. M'wodi ya makina amodzi ndi amayi khumi, makinawo apite kwa wa okisitosini, wa chipsera, wothamanga magazi, wa madzi okhala ndi chimbudzi chokhuthala, wotaya magazi, ndi wa mwana wonyentchera kapena wosasewera. Kawaya kobaya pamutu pa mwana, ngati makina anu ali nako, musakagwiritse ntchito pa mayi amene ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi opatsirana m'magazi.

Mapepala a CTG amalembedwa ndi kutentha, ndipo amafufutika akakhala padzuwa kapena akakhalitsa. Lembanipo ndi bolopeni dzina la mayi, nambala ya fayilo, tsiku ndi nthawi, ndipo chilichonse chochitika, kupima njira, petidini, kusintha kwa dilipi, kutembenuza mayi, chilembedwe pa mzere pomwe chachitikira. Mukatha lipindeni, muliike mu envulopu, osati kulimata ndi selotepi, chifukwa guluu wake amadya zolembazo.